Ndinamutumizira voisi ya mphindi zinayi, mpaka lero sanamvere. Ndinalakwitsa pati?

Mayamiko:
Abale, ndithandizeni maganizo. Pali mtsikana amene tinadziwana masabata atatu apitawa. Tinacheza maso ndi maso kanthawi kochepa, tinapatsana manambala, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikulemberana pa WhatsApp pafupifupi tsiku lililonse. Sindinamufunsirebe, koma tonse awiri tikudziwa kumene machezawa akulowera.

Lachiwiri anandilembera kuti wagonanso filimu isanathe, kachitatu sabata imodzi. Ine pofuna kumuseka ndinalemba kuti, "Ndiye ndinu atulo chonchi? Ine anthu otere ayi." Ndinalemba ndikumwetulira ndithu. Panadutsa maola awiri, kenako anayankha mawu amodzi: "Chabwino." Mtima unandithawa. Cha m'ma 11 usiku ndinajambula voisi yofotokoza kuti zinali zocheza, kuti ndimamulemekeza, kuti mwina sanandimvetse, ndi zina zambiri. Inakwana mphindi 4 ndi masekondi 12. Aka kanali koyamba kumutumizira voisi.

Lero ndi Lachinayi. Matiki ndi abuluu, kusonyeza kuti anatsegula macheza athu, koma kamaikolofoni ka pa voisiyo sikanasinthe mtundu. Sanamvere. Anthu amati mawu a pakamwa amakopa kuposa zolemba. Nanga bwanji kwa ine zavuta?

Tiyamike:
Achimwene, ndinene mosabisa. Inenso sindikanamvera. Osati chifukwa chokwiya kwambiri ayi, koma taganizani mmene zikuonekera kumbali yake. Wadzuka m'mawa, wapeza voisi yolembedwa 4:12 yochokera kwa munthu amene wangomukhumudwitsa dzulo. Sakudziwa zimene zili m'katimo. Mwina ndi kupepesa, mwina ndi kumudzudzula, mwina ndi kumufunsira pakati pa mkangano. Meseji umaiponyera diso n'kudziwa kuti ndi yabwino kapena yoipa. Voisi sungasuzumire. Uyenera kupeza malo opanda anthu, kukhala pansi, n'kulola munthu akulankhule mphindi zinayi iwe osamudula. Ndiye umati ndimvera masana. Masana umati madzulo. Pakadutsa masiku awiri, manyazi oti wachedwa kuyankha amawonjezera kulemera kwake.

Kondwani:
Aise, vuto si voisi. Voisi imagwira ntchito nthawi zonse, kungoti iwe unaigwiritsa ntchito popepesa. Chinsinsi chake ndi ichi: usiku, mawu otsika, mabesi, kulankhula pang'onopang'ono. Akazi amakonda mawu akuya, ngakhale ofufuza anatsimikiza. Fufuta imeneyo, utumize ina usiku uno ndi mawu amenewo. Uona wekha.

Tiyamike:
A Kondwani, "akazi amakonda" mwafunsa angati? Ine voisi ya mwamuna amene akudzikakamiza kulankhula mabesi usiku imandipatsa mantha, makamaka ngati sitinazolowerane.

Thoko:
Ndiyambe ndi meseji yoyamba ija, chifukwa ngozi inachitikira pamenepo, voisi inangobwera mochedwa.

A Mayamiko, pamene munkalemba kuti "Ine anthu otere ayi," m'mutu mwanu munkamva mawu anuanu, okwera kumapeto, oseka. Chimene chinafika pa foni yake ndi zilembo zokha. Iye anaziwerenga ndi mawu amene anali nawo m'mutu mwake nthawi imeneyo, ndipo ngati anali wotopa kapena wokayikira kale ngati mumamufunadi, chiganizocho chinamveka ngati kumukana.

Izi zinayesedwapo. Mu 2005 Justin Kruger ndi Nicholas Epley pamodzi ndi anzawo anafalitsa kafukufuku amene anapempha anthu kuti atumize ziganizo, zina zonena zenizeni, zina zonyogodola. Ena anatumiza pa imelo, ena anajambula mawu. Otumizawo ankakhulupirira kuti amvedwa bwino mofanana m'njira zonse ziwiri. Koma olandira mawu ojambulidwa anazindikira bwino pafupifupi katatu pa kanayi kalikonse, pamene owerenga imelo anangopitirira theka pang'ono, kusiyana pang'ono ndi kungolota. Chochititsa chidwi n'chakuti olembawo sankadziwa n'komwe kuti sakumvedwa.

Ife olankhula Chichewa izi tiyenera kuzimvetsa msanga kuposa ena. Tikalemba "mtengo," pepala silinena ngati ndi womera m'nkhalango kapena wogulira chinthu. Pakamwa timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, koma polemba sitikuika. Ngati tanthauzo la liwu lenileni limatha kutsalira pakamwa, kuli bwanji nthabwala?

Ndiye yankho langa pa funso lanu ndi ili: mawu a pakamwa amaposa zolemba pamene tanthauzo lili m'kanenedwe osati m'mawuwo. Kuseka munthu mwachikondi ndi chitsanzo chenicheni, chifukwa mawu ake amanena zoipa, kanenedwe n'kumanena zabwino. Mukachotsa kanenedwe, chotsala ndi chipongwe. Chiganizo chija chikanakhala voisi ya masekondi 6, bwenzi lero mukuseka naye.

Mayamiko:
Achemwali, apa mwandigwira. Ndawerenganso mesejiyo tsopano ngati kuti wanditumizira ndi munthu wina, ndipo ikumveka yaukali. Koma ndikanaika imoji yoseka sizikanatheka?

Thoko:
Ikanathandiza, inde. Imoji ndi njira yathu yobwezeretsa pang'ono nkhope imene yasowa. Koma ili ndi malire. Kankhope koseka pambuyo pa mawu opweteka kamatha kuwerengedwa ngati mukumuseka iyeyo osati kuseka naye. Mawu a pakamwa amanyamula zambiri nthawi imodzi: liwiro, popumira, kupsa kapena kufewa kwa mawu, kaphwete kamene kamathawa pakati pa chiganizo. Imoji ndi chizindikiro chimodzi chokha.

Zimene mwachitazo, kuwerenganso ngati mlendo, zinalinso m'kafukufuku yemweyo. Anthu atauzidwa kuti awerenge mokweza ziganizo zawo ndi kanenedwe kotsutsana ndi kamene ankafuna, kudzidalira kwawo kopitirira kunatha. Ndiye musanatumize nthabwala yolemba, iwerengeni mokweza ndi mawu aukali. Ikamveka ngati chipongwe chenicheni, sinthani mawuwo kapena ijambuleni.

Ndipo dziwani kuti "Chabwino" wakenso munamuwerenga chimodzimodzi. Mawu amenewo pakamwa ali ndi mitundu yambiri. Pali wokwiya, pali wonyinyirika mocheza, pali wa munthu amene ali ndi tulo. Inu munasankha woipitsitsa, n'kumuyankha ndi mphindi zinayi.

Limbani:
Ine ndikuona kuti mukuvutika ndi zazing'ono. Ine ndi akazi anga takhala kutalikirana zaka ziwiri chifukwa cha ntchito, ndipo timatumizirana mavoisi a mphindi 10, nthawi zina 15. Iwo amamvera akuchapa, ine ndimamvera ndikupita kuntchito. Palibe tsiku anadandaulapo za kutalika. Ngati mtsikanayo sangapirire mphindi zinayi, ndiye kuti alibe nanu chidwi. Musiyeni.

Pilirani:
Bambo Limbani, inu muli m'banja. Akazi anu akaona 15:00 amadziwa kale kuti m'katimo muli nkhani za tsikulo, ndipo mawu anu ndi chinthu chimene akuchisowa. Awa sanafike n'komwe pofunsirana. Munthu amene unamumva akulankhula kamodzi kokha, masabata atatu apitawo, mawu ake akadali achilendo m'khutu mwako. Si zofanana.

Limbani:
Mwina. Komabe ife kale tinkaimbirana, nkhani n'kutha pomwepo.

Dalitso:
Ndilowepo pa nkhani ya a Kondwani, chifukwa ntchito yanga ndi yojambula mawu a anthu mu situdiyo, ndipo anthu odzitsitsa mawu ndimakumana nawo sabata iliyonse.

N'zoona kuti kafukufuku wambiri anapeza kuti mawu otsikirako a amuna amakondedwa, tikatenga anthu ambiri pamodzi. Koma zimenezo ndi za mawu amene munthu ali nawo kale. Mukadzikakamiza kutsika, mumapanikiza kholingo, mpweya umachepa, ndipo mawu amangoyenda pamzere umodzi osakwera osatsika. Kumapeto kwa chiganizo amayamba kukhadzuka ngati chitseko chosowa mafuta. Khutu la munthu limazindikira msanga kuti uku n'kuchita sewero. Ndiye mwataya chinthu chenicheni chimene a Thoko akunena, kukwera ndi kutsika kwa mawu, pofuna mabesi.

Chimene chimamveka bwino pa voisi ndi kumwetulira. Izi si zongoyankhula. Mukamwetulira milomo imakokera m'mbali, njira ya mawu imafupika pang'ono, ndipo mawu amatuluka owala. Womvera sakukuonani koma amamva kuti mukumwetulira. Ndikamajambula munthu wowerenga malonda, ndimamuuza kuti aganizire munthu mmodzi amene amamukonda, ndipo kusiyana kumamveka nthawi yomweyo m'mahedifoni.

Kondwani:
Chabwino, za kukakamiza ndavomera. Koma za usiku sindisintha. Voisi ya usiku ndi ina.

Dalitso:
Pamenepo muli ndi mfundo. Usiku phokoso limachepa, munthu amakhala yekha, amaika foni pakhutu, ndipo mawu amamveka ngati ali pafupi kwambiri. N'chifukwa chake imakoma. N'chifukwa chakenso imaopsa ikachokera kwa munthu amene sunamulole kufika pafupi chotero. Voisi yoyamba ine ndingatumize masana kapena chakumadzulo. Ya usiku idikire mpaka iye atayamba kutumiza zake.

Popeza tili pomwepa, zinthu zochepa zimene zimaononga mavoisi ambiri. Maikolofoni ya foni zambiri ili kumunsi. Anthu amaigunditsa pakamwa, ndiye "p" ndi "ph" aliyense amaphulika m'khutu mwa womvera, ndipo kupuma kumamveka ngati munthu wathamanga. Italikitseni ngati kutalika kwa chikhatho, muipendeketse pang'ono kuti mpweya uzidutsa pambali. Chipinda chopanda kanthu kapena bafa chimabweza mawu, mumamveka ngati muli kutali. Chipinda chokhala ndi makatani, bedi ndi zovala chimameza phokosolo, mawu n'kumveka ofunda. Panja pa mphepo musayerekeze.

China, musajambule kasanu. Koyamba kamakhala ndi moyo, kachiwiri mwina mwakonza polakwika, kuyambira kachitatu mumayamba kulakatula. Ndipo mukamvera mawu anu n'kuona ngati ndi opyapyala, musadandaule. Mukamalankhula mumadzimva kudzeranso m'mafupa a m'mutu, amene amawonjezera kuya. Anthu ena onse akhala akumva mawu a pa voisiwo moyo wanu wonse, kuphatikizapo mtsikanayo tsiku limene anakupatsani nambala.

Chikondi:
Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna kunena za ine, chifukwa pakumveka ngati wolemba ndi wamantha kapena wozizira. Ine ndili ndi chibwibwi. Ndikakhala ndi munthu amene ndamukonda chimakula. Kwa ine meseji ndi malo okhawo amene nthabwala yanga imafika pa nthawi yake, osakakamira pa chilembo choyamba. Mwamuna amene ndili naye pano tinalemberana miyezi iwiri, ndipo amanena kuti chimene chinamukopa ndi mmene ndinkasankhira mawu. Iye ankanditumizira mavoisi afupiafupi, ine n'kumayankha polemba, ndipo sanandifunsepo kuti bwanji simujambula. Tsiku limene ndinamutumizira voisi yanga yoyamba, ya masekondi mwina 8, ndinakakamira kawiri, koma sindinaifufute. Mpaka lero anaisunga.

Wina asanamukakamize mnzake kuti "tatumizani voisi ndimve mawu anu," akumbukire kuti pali achibwibwi, pali osamva bwino, pali amene amagona chipinda chimodzi ndi abale awo.

Thoko:
Zikomo achemwali, izi n'zofunika, ndipo zikukonza zimene ndinanena. Zolemba zili ndi mphamvu yake pa kukopana imene voisi ilibe. Zimathamanga. Wina aponya, wina abweza, pa mphindi imodzi mwasinthana kasanu, ndipo kuseka kumakulira pamenepo. Voisi imadula liwiro limenelo chifukwa aliyense ayenera kudikira mnzake amalize. Zolemba zimasiyanso kampata koti winayo aganizire yekha kuti kodi pamenepa amatanthauza chiyani, ndipo kumayambiriro kwa chikondi kampata kameneko kamakoma. Kamangoopsa pamene mawuwo angathe kuwerengedwa ngati chipongwe.

Nkhani yanu ikuonetsanso china. Voisi yanu ya masekondi 8 inalemera chifukwa inali yosowa, komanso chifukwa simunabise pokakamira. Pa WhatsApp meseji mungathe kuikonza pasanathe mphindi 15 mutaitumiza, koma voisi ikapita yapita mmene ilili, mungathe kungoifufuta. Womvera amadziwa kuti akumva munthu wosakonzedwa. Munthu wotumiza mavoisi 20 pa tsiku amataya mphamvu imeneyo.

Pilirani:
Ine ndiwonjezere chenjezo, poti palibe wanena. Voisi imatumizidwa kwa ena mosavuta ngati chithunzi, ndipo mawu sungawakane. Meseji ungati wina anandigwirira foni, koma mawu ako aliyense wokudziwa amawazindikira. Mnzanga wina anatumizira mnyamata voisi yachikondi kwambiri atangodziwana, patapita sabata anaimva ikuseweredwa pagulu la anyamata. Zinamupweteka kwa nthawi yaitali. Kuyambira kumapeto kwa 2023 WhatsApp ili ndi voisi yomvera kamodzi, mumadina kachizindikiro ka 1 musanatumize, ndipo singatumizidwe kwa wina. Komabe munthu angathe kuijambula ndi foni ina. Ndiye zimene simungafune kuti anzake amve, musazinene kwa munthu wa masabata atatu.

Ndipo a Mayamiko, musadabwe ngati voisi yanu akaimvere pamodzi ndi mnzake wapamtima. Ambirife timatero tikasokonezeka.

Mayamiko:
Zimenezo zandiopsa, koma m'katimo mulibe chonyansa, kungoti ndinabwereza "pepani" mwina kasanu ndi kawiri. Tsopano ndichite chiyani? Ndiifufute? Ndiimbe? Nditumize ina yaifupi?

Kondwani:
Imba aise. Mwamuna amaimba.

Thoko:
Kuimba kuli ndi umboni wake. Amit Kumar ndi Nicholas Epley anafalitsa kafukufuku mu 2021 amene anapempha anthu kuti alumikizanenso ndi mnzawo wakale, ena pa imelo, ena pa foni. Ambiri ankaopa kuti kuimba kukhala komangika, n'kumasankha imelo. Koma amene anaimba anamva kuti agwirizana kwambiri ndi mnzawoyo, ndipo kumangikako sikunapose kwa olemba. Kungoti tisamale: amenewo anali anthu odziwana kale, ndipo kunali kulankhulana mbali zonse ziwiri. Voisi si foni. Pa foni mnzako akangoti "aa, ndinadziwa kuti mukucheza," umaleka kupepesa pa sekondi yachisanu. Pa voisi palibe wokuimitsa, n'chifukwa chake a Mayamiko anafika mphindi zinayi akuyankha mkwiyo umene mwina kunalibe.

Koma kuimba lero, iye ali ndi voisi yosamvera pamaso pake, kungamveke ngati mukumulondola kuti bwanji simunamvere. Ine ndingayambe ndi kumuchotsera katunduyo.

Tiyamike:
Ndikugwirizana nazo. Ndikanakhala ine, chimene chikanandimasula ndi meseji yaifupi yonena zimene zili mu voisiyo, ndi kundiuza kuti sindikukakamizidwa kuimvera. Mwachitsanzo: "Voisi ija ndi yaitali, musavutike nayo. Mwachidule, za tulo zija ndimacheza, koma ndaona kuti polemba zinamveka zaukali. Pepani." Basi. Osawonjezera funso, osaika "mwakwiya?" Kenako dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kufufuta ine ayi. Pamatsala chizindikiro choti uthenga wafufutidwa, ndiye munthu amayamba kudzifunsa kuti munanena chiyani choti mpaka mubise.

Pilirani:
Apa ndiye tisiyana. Ine ndingafufute ndithu, n'kulemba kuti "ndachotsa voisi ija, inatalika mopanda chifukwa." Ikakhalapo, tsiku lina adzaimvera zinthu zili bwino, n'kumva munthu wonjenjemera akupepesa kasanu ndi kawiri. Koma fulumirani ngati mukufuna kutero, mwayi wofufutira onse umatha pakadutsa masiku awiri ndi maola ochepa.

Chikondi:
Ine ndikanakonda kuimva. Munthu wonjenjemera chifukwa choopa kunditaya sangandinyanse.

Limbani:
Ine ndikuonabe kuti mukumunyengerera kwambiri. Koma yesani, mutiuze.

Dalitso:
Akayankha, ndipo macheza akabwerera, m'pamene voisi yeniyeni yoyamba ingabwere. Ndinene mmene ine ndingaipangire. Ikhale yoyankha chinthu chimene iye wangonena kumene, kuti asadabwe kuti yachokera kuti. Ikhale ndi nkhani imodzi. Masekondi 10 mpaka 20 akwana, chifukwa munthu akaona 0:14 amadina osaganiza kawiri, ngakhale ali pakati pa anthu amangoika foni pakhutu. Musayambe ndi "eee, ndimati ndingokutumizirani kavoisi," masekondi asanu oyamba ndi amene amagamula. Yambani ndi dzina lake kapena ndi kuseka kumene meseji yake yakuseketsani. Dzina la munthu likatchulidwa ndi mawu ofewa limachita zimene zilembo sizingathe.

Chifukwa china chosatalikitsira: kuyambira 2021 WhatsApp imalola womvera kuthamangitsa voisi pa 1.5x kapena 2x. Voisi yaitali anthu ambiri amaithamangitsa. Ndiye popumira ponse, kufewa konse, kumwetulira konse kumene munaikamo kumaphwanyika, mumangomveka ngati munthu wowerenga chidziwitso mothamanga. Ya masekondi 14 palibe amaithamangitsa.

Ndipo za tsiku, nthawi ndi malo okumanirana, lembani. Palibe amene amafuna kusakasaka m'kati mwa voisi kuti kodi anati 4 koloko kapena 5.

Kondwani:
Ine mavoisi anga amafika mphindi ziwiri ndipo sanandidandaulepo.

Tiyamike:
Mwina amakoma ndithu, a Kondwani, pali anthu odziwa kukamba nkhani moti mphindi ziwiri zimatha osazindikira. Koma nkhani yoseketsa ndi kupepesa ndi zinthu ziwiri. Ndipo kuti mudziwe ngati amakoma, onani zimene amabweza. Akatchula kanthu kamene munanena chakumapeto, ndiye kuti anamvera yonse. Akangoika kamtima kapena "kkk" pa voisi ya mphindi ziwiri, nthawi zonse, pamenepo dzifunseni.

Mayamiko:
Ndabwera ndi zotsatira. Lachinayi madzulo ndinatumiza meseji ija pafupifupi mmene a Tiyamike analembera. Voisi sindinafufute, ndinazengereza mpaka nthawi inadutsa. Pasanathe theka la ola anayankha kuti, "Ndinaona ngati mukunena zoona, zinandikhudza pang'ono. Voisi ndimaopa kuitsegula." Ndiye a Tiyamike munalondola ndendende.

Tinalemberana bwino Lachisanu. Dzulo masana analemba kuti wayambanso filimu ija kachinayi ndipo walumbira kuti aimaliza. Ndinalowa m'chipinda, foni kutali ndi pakamwa monga ananenera a Dalitso, ndinajambula kamodzi kokha. Ndinatchula dzina lake, n'kunena kuti ndikumupatsa mphindi 20 zokha asanayambe kuwodzera, ndipo akadzuka andiuze kuti ndimufotokozere mathero. Ndinaseka pakati mosafuna. Inakwana masekondi 13. Kamaikolofoni kanasanduka kabuluu nthawi yomweyo. Anayankha kuti, "Kodi mumaseka chonchi? Ndinaiwala mawu anu."

Nthabwala yake ndi yomweija ya Lachiwiri, yomuseka za tulo. Koma wayankha polemba, sanatumize voisi. Ndipo yaitali ija mpaka pano sanaimvere. Kodi kusabweza voisi kukutanthauza kuti sanaikonde?

Kondwani:
Akanaikonda kwenikweni akanabweza voisi. Tumiza ina mawa, umuuze kuti nawenso ukufuna kumva mawu ake.

Chikondi:
Ayi chonde, musamupemphe. Werenganinso zimene walemba. Wanena za kuseka kwanu ndi mawu anu, sananene za filimu. Ine ndinayankha polemba miyezi iwiri ndikumvera voisi iliyonse katatu.

Thoko:
Pa uthenga umodzi sitingadziwe. A Kondwani ali ndi mbali yoona, anthu akamasukirana amakonda kutengerana njira, wolemba amayamba kujambula, wojambula amayamba kulemba. Koma zimatenga nthawi yosiyana kwa aliyense, ndipo ena safika n'komwe. Ine ndingayang'ane zinthu ziwiri m'sabata ikubwerayi: ngati mavoisi afupi akumverabe msanga, komanso ngati mayankho ake pambuyo pa voisi akutalika kapena akufupika poyerekeza ndi mmene amayankhira meseji. Akayamba kufupika, bwererani ku zolemba.

Pilirani:
Ine changa ndi voisi yaitali ija basi. Ikadali pompo.

Mayamiko:
Ikadalipo. Usiku wathawu analemba kuti tsiku lina adzaimvera ine ndili pomwepo kuti aziona nkhope yanga. Ndamufunsa, polemba, ngati Loweruka likubwerali 3 koloko ali ndi mpata. Sanayankhebe, koma pakuoneka kuti akulemba.